Ndowa ya Mzime

Kwathu amanditcha Anesi, kutanthauza namwino. Dzinali ndinalilandira monga munthu amalandirira chenji chopitirira pagolosale: sunabe, koma subweza. Zoona zake n'zakuti ndimakolopa m'wodi ya amayi pachipatala chachikulu, ndipo ndakolopamo zaka khumi ndi zisanu. Yunifolomu yanga yobiriwira ndimaisiya m'kabati ya kuntchito. Kunyumba ndimafika ndi nsapato zoyera, magolovesi awiri m'chikwama, ndi mawu aatali amene ndatola pansi pa mabedi madokotala akamazungulira. Sindinauzepo munthu kuti ndine namwino, komanso sindinakanepo.

N'chifukwa chake mng'ono wanga atatenga pakati, alamu sanaganize kawiri. Iwo amayendetsa thiraki, akachoka amatha masabata atatu. Anamubweretsa kwanga Loweruka masana ndi chikwama chimodzi ndi pilo wake.

"Alamu, ndakusungitsani dzira," anatero akutsitsa chikwamacho. "Zaka zisanu ndi chimodzi tikudikira. Nserutu yamuyamba. Kukhala yekha sizingatheke, ndiye ndati akhale ndi a kuchipatala."

"Pitani ndi mtima umodzi," ndinayankha. "Zoterezi ife timaziona tsiku ndi tsiku."

Mng'ono wangayu ndi wotsiriza m'mimba mwa amayi, choncho tonse timangomuti Mzime, ngakhale tsopano ali ndi zaka makumi atatu. Ndinamubereka kumsana ine, ndinamuphunzitsa kuchapa ine. Mimba inali ya masabata asanu ndi awiri. Anali wotuwa pang'ono, koma ankaseka, ankandinyoza kuti makatani anga ndi a m'basi.

Sabata yoyamba ndinaoneka katswiri, ndipo sindinaname chilichonse. Zimene ndinamuuza n'zomwezo anamwino amauza amayi kusikelo. Asamadzuke m'mimba muli mbee: ndinkamuikira mabisiketi ouma pampando pafupi ndi bedi kuti adye awiri asanatsitse phazi. Asamadye mbale yodzaza, koma pang'onopang'ono, maola awiri alionse: buledi wootcha, mpunga wopanda mafuta, nthochi. Chakudya chizizire kaye, chifukwa chotentha chimanunkha kwambiri. Madzi asamagugudize pamodzi ndi chakudya, azipsontha pakati pa tsiku. Ndinkamuwiritsira jinja, n'kumudulira ndimu woti azinunkhiza. Anyezi ndinkakazingira panja, mafuta anga onunkhira ndinawatsekera m'sutikesi, ngakhale sopo ndinasintha.

Zinkathandiza. Ankasanza kawiri, katatu, kenako n'kudya, n'kugona.

"Achemwali, bwanji amati nseru ya m'mawa? Inetu imandipeza ndi madzulo omwe."

"Ilibe wotchi. Pirira, ikafika miyezi itatu kapena inayi idzatha yokha. Ine ana atatu, ndinkasanza n'kupukuta pakamwa n'kupita kuntchito."

Mawu amenewa ndinawabwereza kambirimbiri, ngati kuti mimba zonse zinasokedwa ndi telala mmodzi.

Sabata yachiwiri zinthu zinatembenuka. Bisiketi ankabwerera asanafike n'komwe. Jinja amene ankamukonda uja, kungomva fungo lake ankathamangira pakhomo. Kenako anasiya kuthamanga, chifukwa miyendo inkanjenjemera, ndiye ndinamuikira beseni kumutu kwa bedi ndi ndowa yabuluu kumiyendo, kuti asamavutike kupita kuchimbudzi kuseri kwa nyumba. Malovu ankangodzadza m'kamwa, kumeza osatheka, moti ankagona ndi kachitini m'manja. Ndinkawerenga kusanza kwake mpaka khumi, kenako ndinasiya kuwerenga.

Tsiku lina mphete yake ya ukwati inagwera m'beseni. Ndinaivuula, n'kuitsuka, n'kumubwezera. Anaivala, inagwanso.

"Achemwali, kodi kuchipatala kulibe mankhwala a zimenezi?"

"Mankhwala pa mimba yaing'ono? Ukufuna mwana abadwe bwanji?"

Ili ndiye linali bodza, ndipo ndinkadziwa. Ndaona ndi maso angawa amayi oyembekezera akubayidwa jakisoni woletsa kusanza, n'kudzabweranso patapita miyezi atanyamula ana onenepa bwino. Koma ndinkadziwanso njira imene munthu ngati Mzime angayende. Kuchipatala chaching'ono akangomuona atero amulembera kalata, ndipo kalata ya mayi wa mimba yaing'ono wofunika bedi imathera m'wodi imodzi yokha: yanga. Akanagona pabedi nambala yakutiyakuti, n'kuona Anesi a banja lonse akubwera atagwira mopu. Akanamvanso mmene Sisitala wamkulu wa wodiyo amandiitanira. Ife okolopa timamutcha Mphenzi. Zaka zonsezi dzina langa sadalisunge, amangoti, "Iwe wa mopu!"

Amayi ankaimba foni madzulo alionse.

"Anesi, mwanayo ali bwanji?"

"Ndi nseru chabe, amayi. Mukumudziwa Mzime, chala chikapsa amaitana mudzi."

"Chabwino, inu ndi amene mukudziwa."

Ine ndi amene ndinkadziwadi. Pamene pakundiwawa mpaka lero ndi pomwepo. Munthu wina akhoza kunena kuti sankazindikira, koma ntchito yanga ndi ya ndowa. M'wodi mwathu sutaya mkodzo wa wodwala wosanza usanauze namwino kuchuluka kwake ndi mtundu wake. Ndinatayapo kamodzi ndili watsopano, Mphenzi anandikalipira mpaka odwala anadzifunditsa kumutu. Pakhoma loyang'anizana ndi sinki yathu pali pepala limene ndalipukuta fumbi kosawerengeka. Limati mayi woyembekezera athamangire kuchipatala ngati tsiku latha madzi osakhazikika m'mimba, ngati mkodzo wachepa, wada kapena wasiya, ngati akuchita chizungulire akaimirira, ngati akuonda, ngati m'masanzi muli magazi, ngati thupi latentha kapena m'mimba mukupweteka. Ndikhoza kulilakatula nditatsinzina.

Lamlungu m'mawa ndinanyamula ndowa yabuluu ija kuti ndikataye. Inali yopepuka. Ndinasuzumira: timkodzo tosadzaza kapu, takuda ngati tiyi wopanda mkaka, fungo lake loboola mphuno. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali ndowa ili m'manja. Kenako ndinakaitsuka bwinobwino ndi sopo, n'kuibwezera pamalo pake.

Ndinayamba kudzipangira masamu. Lachitatu ndinali pa ofu, ndipo Mphenzi nayenso Lachitatu sabwera. Ndidzavala diresi langa labwino, ndidzamutenga Mzime, ndidzanong'oneza kanamwino kena kamene timagwirizana, adzamuika diripi imodzi m'chipinda cha odwala ongodutsa, madzulo tidzabwerera. Palibe adzaone mopu. Masiku atatu okha. Ndinamusungunulira paketi ya madzi a mchere ndi shuga, n'kumamumwetsa ndi sipuni. Sipuni zitatu zinkalowa, zinayi n'kutuluka.

Lolemba ndisanapite kuntchito anandigwira mkono. Milomo inali itang'ambika, maso atalowa. M'kamwa mwake munkatuluka kafungo kotsekemera ngati ka zipatso zoola, kamene ndimakadziwa m'wodi.

"Achemwali, ndikaimirira kukumada. Tipiteni."

"Lachitatu, Mzime. Lero kuli mzere woopsa, ukangokhala pabenchi tsiku lonse n'kukubweza. Madokotala abwino amabwera Lachitatu."

"Ndifika Lachitatu ine?"

"Usandichititse manyazi. Akazi anzako amabereka ana asanu ndi atatu osaona diripi."

Anasiya mkono wanga, n'kutembenukira kukhoma. Madzulo a tsikulo ndowa inali youma. M'beseni munali timizere tofiira. Ndinadziuza kuti ndi kukhosi kwangokalika chifukwa chodzikakamiza, zomwe mwina zinali zoona, koma sizinali zoti wokolopa agamule. Akuluakulu adati pakadafunda padajiwitsa galu, koma galu wa mwambiwo ankazengereza ndi moyo wake womwe, osati wa mng'ono wake.

Lachiwiri cha m'ma leveni koloko ndinali pakati pa wodi, ndikukolopa pamene mayi wina anatayira tiyi. Ndinamva matayala a mpando wa odwala akulira m'khonde, ndi mawu amene ndimawamva tsiku lililonse kuseri kwa khoma la nyumba yanga. Anali mayi Telala, aneba anga osoka zovala, tepi yoyezera idakali m'khosi.

"Thandizeni! Ndamupeza atagwa pakhomo, sakuyankha bwino! Mkulu wake amagwira konkuno!"

Pampandopo panali Mzime, mutu uli lende, atavala malaya anga ogonera. Ndinaima ngati chitsa. Kothawira kunalibe: kumanja mabedi, kumanzere mabedi, m'manja mopu.

"Iwe wa mopu!" anakuwa Mphenzi. "Chotsa chidebe chako panjira, sukuona?"

Ndinachotsa chidebe. Mayi Telala anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato za jombo.

Mphenzi ndi wamwano, koma manja ake ndimawalemekeza. Anatsina khungu la Mzime padzanja, khungulo linangoima osabwerera. Anamuyeza kuthamanga kwa magazi, n'kugwedeza mutu. Mtima unkagunda ngati wa mbalame. Misempha inali itabisala, moti anabaya katatu asanaupeze wa diripi. Adokotala anabwera, mtsikana wamng'ono wa magalasi, n'kulamula zinthu motsatizana: atenge magazi akaone mchere wa m'thupi ndi impso, diripi ya madzi a mchere ithamange, jakisoni woletsa kusanza, ndiponso vitamini B1.

"Musamupatse diripi ya shuga vitaminiyo asanalowe," anatero. "Munthu akasanza masabata chonchi vitamini ameneyu amatha m'thupi, ndiye shuga akatsogola akhoza kuononga ubongo. Mayi, mukundimva? Mwakodza liti komaliza?"

Mzime anatsegula maso pang'ono. Anayang'ana adokotala, kenako anayang'ana kupitirira phewa lawo, pamene ndinaima ine.

"Afunseni achemwali. Ndi amene amataya ndowa."

Wodi yonse inatembenuka. Mphenzi anandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Ndi m'bale wako uyu?"

"Mng'ono wanga."

"Amakhala ndi iwe?"

"Eya."

"Wakodza liti?"

"Lamlungu m'mawa, pang'ono, wakuda. Lolemba sindinaone kanthu."

Ndinkadikira mphenzi ija, ndipo ikanandipeputsa. Koma analankhula motsitsa, mwina koyamba chiyambire ntchito.

"Iwe umandiuza mkodzo wa anthu osawadziwa m'mawa uliwonse. Wa mng'ono wako unkausungira ndani?"

Anandiuza kuti ndikatenge chitsulo chopachikapo diripi ku bedi lachisanu ndi chiwiri, ndipo ndinapita kukatenga.

Magazi anabwera madzulo. Mchere wina umene umayendetsa mtima unali utatsika kwambiri, impso zinali zitayamba kufooka chifukwa chouma. Pasikelo anapezeka kuti wataya makilo asanu ndi limodzi, munthu amene analibe ochuluka otaya. Adokotala ena amene analowa madzulowo anauza mayi Telala, poganiza kuti ndiwo mbale wake, kuti uku sikunali kusanza wamba kwa mimba, ndi matenda amene amagwira amayi ochepa, sabwera chifukwa cha ulesi kapena mantha, ndipo jinja ndi mabisiketi sizingawathe.

"Akanabwera sabata yatha, mwina mapiritsi ndi diripi ya tsiku limodzi zikanakwana," anatero. "Mukanachedwa tsiku linanso, sindikudziwa tikanakamba zotani."

Tsiku linalo ndiye Lachitatu langa lija.

M'mawa mwake anamutengera kokaunika mimba, kuti aone ngati ali mapasa kapena pali vuto lina, poti nazonso zimakulitsa kusanza. Ndinali pa ofu, koma ndinabwera. Ndinakhala pabenchi panja nditavala diresi labwino lija, manja ali pakati pa mawondo. Ndinapemphera mopanda ulemu, ngati munthu wokangana pamsika. Atatuluka, namwino wokankha mpando ndi amene anandiuza kuti mwana ndi mmodzi, ndipo kamtima kakugunda. Ndinalira mpaka mlonda anabwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Mzime anadutsa osandiyang'ana.

Anagona m'wodi masiku asanu ndi anayi. Tsiku lachitatu mkodzo unayamba kubwera wambiri ndi woyera, ndipo ndinkaunyamula ine, n'kukauza namwino kuchuluka kwake ngati mwana wa sukulu wonyadira malikisi. Tsiku lachinayi anapsontha madzi ozizira osabweza. Tsiku lachisanu anadya theka la bisiketi. Ndinkamubweretsera nthochi, ndimu, malaya ochapa. Ankalandira, n'kunena kuti zikomo, monga amanenera odwala ena onse.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi masana, wodi ili zii, ndinafika ndi mopu pabedi lake. Ndinakolopa mozungulira kawiri pamalo poyera kale.

"Mzime, ndikufuna ndikuuze. Ine pano si namwino. Waona wekha. Ndinkaopa kuti ukabwera kuno udzaona, ndiye amayi adzamva, alamu adzamva..."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka, kuseka kouma kopweteka kukhosi, mpaka anagwira pachifuwa.

"Achemwali, mukunena zoona? N'chifukwa chake?"

"Ndinachita manyazi."

"Manyazi ndi ndani? Tonse timadziwa."

"Mumadziwa chiyani?"

"Kuti mumakolopa. Amayi anakuonani kalekale, chaka chimene anabwera kudzaona azakhali atagonekedwa. Anakupezani mutagwada m'khonde mukupala pansi, anabwerera panjira ina kuti musawaone. Atafika kunyumba anatiuza kuti aliyense amene adzakufunseni za ntchito adzaona chomwe chidameta nkhanga mpala. Alamu anu amadziwa. Ana anu amadziwa. Manja anu amanunkha mankhwala okolopera, mukuganiza kuti tilibe mphuno?"

Ndinagwiritsitsa mtengo wa mopu.

"Nanga bwanji munkanditcha..."

"Chifukwa mumasangalala tikatero. Mopu umenewo ndi umene unandilipirira sukulu, ndikanaunyoza bwanji? Bambo a kunyumba sanandisiye kwa namwino. Anandisiya kwa mkulu wanga, amene wakhala m'chipatala zaka khumi ndi zisanu, amene timati angadziwe tsiku loti munthu athamangire naye kuno." Anapuma, n'kulavulira m'kachitini. "Ndipo munadziwadi. Lamlungu ndinakuonani mutaima pakhomo ndi ndowa."

"Mzime, pepa."

"Ndinakupemphani Lolemba. Munati ndisakuchititseni manyazi. Usana wonse ndinagona ndikupempha Mulungu kuti mimbayi ingochoka kuti ndipume. Mwana amene ndamudikira zaka zisanu ndi chimodzi, achemwali. Ndinamupempherera kuti afe. Zimenezo ndidzakhala nazo ine, osati inu."

Anatseka maso, ndipo ndinadziwa kuti nkhani yatha.

Alamu anafika tsiku lomutulutsa, maso ofiira ndi msewu. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Anamvetsera bwinobwino adokotala akuwauza za mapiritsi oletsa kusanza, kuti azimwa pa nthawi yake osadikira kuti nseru iyambe, kuti mapiritsi owonjezera magazi ayambe aima kaye mpaka m'mimba mukhazikike, ndi kuti matendawa amatha kubwerera, ena mpaka mimba itakula. Akangoona madzi akukana kapena mkodzo ukuchepa, abwere tsiku lomwelo. Alamu analemba zonse kuseri kwa chiphaso cha sikelo.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero Mphenzi pomutsanzika Mzime. "Ukamva kuti zafika poipa, usadikire chilolezo cha munthu."

Sanandiyang'ane ponena zimenezi, koma aliyense anadziwa kolowera mawuwo.

Anamutengera kwa alongo awo a alamu, mayi wogulitsa makala amene sadziwa ngakhale dzina la piritsi limodzi. Ndinamva kuti patatha masabata awiri kusanza kunayambiranso, ndipo mayiyo anatseka malonda, n'kumukweza galimoto tsiku lomwelo. Anamuika diripi maola ochepa m'chipinda cha odwala ongodutsa, madzulo anali kunyumba. Ine ndinali pa ofu.

Mwana anabadwa mwezi watha, wamkazi, wamakilo atatu. Ndinamva kwa mayi Telala, amene anasoka timalaya take. Mzime anakachirira kuchipatala china, kutsidya kwa tauni, ngakhale chathu chili pafupi. Pilo wake akadali kwanga, sanatume munthu kudzatenga. Ndowa yabuluu ndimachapiramo mopu wa kunyumba.

Amayi amaimbabe madzulo alionse. Amandifunsa za mvula, za ana, za bondo langa. Dzulo foni italira ndinaiyankha msanga.

"Mwana wanga," anatero, "waswera bwanji?"

Dzina lija la Anesi sanalitchulenso kuyambira tsiku limene Mzime anagonekedwa. Palibe amene amalitchula.